Katondo si mmodzi: mmene dzenje limaululira dzina la nthaka

Mlimi wa ku Mitundu ndi mlimi wa ku Mulanje atakumana n'kuyamba kukamba za minda yawo, onse awiri anganene kuti amalima pa katondo, ndipo palibe amene angakhale atanama. Dothi lawo ndi lofiira, limakanirira kukhasu mvula ikagwa, ndipo limadetsa zovala mofanana. Koma awiriwa atabzala mbewu imodzi n'kuthira feteleza wofanana, chimanga chawo sichingakule mofanana, ngakhale mvula itawakomera onse. Chimene chimawasiyanitsa chili pansi, kupitirira pamene khasu limalekezera, ndipo maso paokha sangachione chonse. Kuti munthu anene motsimikiza kuti nthaka iyi ndi ya mtundu wakuti, ayenera kukumba dzenje, kulemba zimene waona, kutumiza dothi kukapimidwa, kenako n'kutsata mndandanda wa mafunso osadumpha ngakhale limodzi.

Mndandanda umene akatswiri ambiri a nthaka amatsata masiku ano uli m'buku lotchedwa World Reference Base for Soil Resources, limene pa chidule amangoti WRB. Linatuluka koyamba mu 1998, linakonzedwanso mu 2006 ndi mu 2014, ndipo limene likugwira ntchito panopa ndi la 2022. Mizu yake ili m'mapu a nthaka ya dziko lonse lapansi amene mabungwe a FAO ndi UNESCO anakonza m'zaka za m'ma 1970. Bukuli limagawa nthaka yonse ya pa dziko m'magulu akuluakulu 32. Ku Malawi ntchito yofufuza nthaka inayamba kale WRB isanabadwe. Anthony Young ndi Peter Brown anafotokoza nthaka ya chigawo cha kumpoto mu 1962 ndi ya chigawo chapakati mu 1965, ndipo ankatchula mitundu ya dothi potengera malo amene anaipeza. Mayina otero amathandiza kwawo komweko, koma munthu wa ku Brazil kapena ku Nigeria, amene akulimbana ndi dothi lofiira lofanana ndi lathu, sangadziwe kuti tikunena chiyani. Dzina la mu WRB limachititsa kuti zimene ena anapeza pa nthaka yawo ife tithe kuzigwiritsa ntchito pa yathu.

Lamulo lalikulu la bukuli ndi lakuti nthaka sipatsidwa dzina chifukwa cha maganizo a munthu pa mmene inapangikira. Imapatsidwa dzina chifukwa cha zinthu zimene wina aliyense angazione kapena kuzipima n'kupeza yankho lomwelo. Zinthuzo zili m'mitundu itatu. Pali magawo ozindikiritsa, ndiye kuti magawo a dothi okhala ndi makhalidwe oikika komanso kuchindikala koikika. Pali zizindikiro, monga mawanga amene madzi okhalitsa amasiya m'dothi. Ndipo pali zinthu zimene dothilo linachokerako, monga matope osanjikizana amene mtsinje unasiya. Gawo silikhala lozindikiritsa chifukwa chakuti likufananako ndi la m'buku. Liyenera kukwaniritsa mfundo zake zonse, ndipo likaperewera pa imodzi, basi, silili m'gulumo.

Dzenje lachitsanzo

Tiyeni titenge dzenje limodzi ngati chitsanzo, lokhala ndi manambala a mtundu umene munthu angayembekezere pa dothi lofiira la m'chigwa cha Lilongwe. Malo ake ndi pamtunda posatsetsereka kwambiri, m'munda wa chimanga wa mizere, kutali ndi chulu, kutali ndi njira ndiponso kutali ndi pamene panali khola. Kusankha malo kumeneku si nkhani yaing'ono. Dzenje lokumbidwa pambali pa chulu limafotokoza ntchito ya chiswe, osati nthaka ya mundawo. Dzenjelo likumbidwe kufika mita imodzi ndi theka ngati thanthwe silinatchinge, ndipo khoma limodzi, limene likuyang'ana dzuwa, lisapondedwe pamwamba pake. Khomalo amalitokosola ndi mpeni kuti kusalala kumene fosholo inasiya kuchoke ndipo zibuma za dothi zionekere mmene zilili. Kenako amapachika tepi yoyezera kuyambira pamwamba.

Pa khoma lathuli pakuoneka magawo anayi. Loyamba likuchokera pamwamba kufika masentimita 20, ndipo ndi limene khasu limagaula chaka ndi chaka. Ndi lofiirira moderako, ndipo ukalinyowetsa n'kulipekesa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mchenga ukumveka bwino. Lachiwiri likuchokera pa masentimita 20 kufika 35. Khasu silifikako, koma m'manja likumveka chimodzimodzi ndi lapamwamba. Pa masentimita 35 zinthu zikusintha mkati mwa masentimita ochepa chabe: dothi likufiira kwambiri, mpeni ukulowa movutikira, ndipo ukalikanda likutuluka kachingwe kotalika kosaduka msanga. Gawo lachitatuli likufika pa masentimita 70. Lachinayi likupitirira mpaka pansi pa dzenje, lofiira chimodzimodzi koma lomata kuposa lachitatu. Palibe mawanga otuwa, palibe miyala ya lubwe, palibe ming'alu ikuluikulu, ndipo mizu ing'onoing'ono ikuoneka mpaka kupitirira mita imodzi.

Mtundu wa dothi saulemba ndi mawu akuti kufiira kapena kuda, chifukwa kufiira kwa munthu wina si kwa mnzake. Amagwiritsa ntchito kabuku ka mitundu ka Munsell, kamene kali ndi timapepala ta utoto tokhala ndi manambala. Amabenthula kachibuma, amakanyowetsa pang'ono, n'kukayerekeza ndi timapepalato poyera pali kuwala kwa dzuwa. Gawo lathu lapamwamba likugwirizana ndi 5YR 3/4, ndipo awiri apansi akugwirizana ndi 2.5YR 3/6 akanyowa, 2.5YR 4/6 akauma. Mbali yoyamba ya nambalayo imanena mtundu weniweni, yachiwiri imanena kuda kapena kuyera kwake, ndipo yachitatu imanena kuwala kwa mtunduwo. Tidzazifuna nambalazi kutsogoloku.

Chinthu chomaliza choyang'ana m'dzenje chimafuna galasi lokuzira ndi kudekha. Ukabenthula chibuma cha m'gawo lachitatu n'kuyang'ana m'timauna timene mizu yakale ndi tizilombo zinasiya, ukuona kuti m'makoma mwake mwamatidwa kadongo kosalala, konyezimira pang'ono, kamtundu wakuderako kuposa dothi la mkati mwa chibumacho. Limeneli ndi dongo limene madzi a mvula anakokolola kuchokera pamwamba pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri n'kulisiya pansipa. Zikatha izi, amatapa dothi m'gawo lililonse palokha, kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti lakugwa lisaipitse lapansi, n'kuliika m'majumbo olembedwa bwino kupita nalo ku labotale, monga za ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Bunda.

Zotsatira zikabwera, chiwerengero cha dongo chikutsimikiza zimene zala zinamva. Gawo loyamba lili ndi dongo lokwana 18 peresenti, lachiwiri 20, lachitatu 36, lachinayi 44. Manambala ena tiwatchula pamene mafunso akuwafuna.

Funso loyamba kuvomera ndilo limapambana

Mndandanda wa mafunso a WRB uli ndi dongosolo lake, ndipo munthu amayamba pamwamba nthawi zonse. Akafika pa gulu limene nthaka yake ikukwaniritsa mfundo zonse, amaima pomwepo, ngakhale atadziwa kuti gulu lina la kutsogolo likanaikwananso. Apa ndi pamene anthu ozolowera ntchito amalakwitsa kuposa ophunzira, chifukwa wozolowera amaona dothi lofiira n'kuthamangira tsamba limene akuliganizira kale.

Mafunso oyambirira dzenje lathu likuwadutsa msanga. Si dothi la zomera zoola zounjikana, silinasinthidwe kwambiri ndi anthu, mulibe zinyalala za m'tauni, ndipo madzi oundana kuno kulibe. Thanthwe silikupezeka mkati mwa masentimita 25 oyamba, choncho si Leputosolo, nthaka yosaya imene imapezeka m'mapiri ndi m'zitunda za miyala. Si Vetisolo ayi. Vetisolo ndi makande enieni, ngati aja a ku Ngabu m'chigwa cha Shire, okhala ndi dongo losachepera 30 peresenti kuyambira pamwamba, ong'ambika ming'alu m'chilimwe, ndipo pansi pake pamakhala zibuma zoterera zokhala ndi mikwingwirima chifukwa chokhulana dothi likamafufuma. Lathuli pamwamba pake pali dongo 18 peresenti yokha. Si Gileyisolo, nthaka ya m'dambo, chifukwa imeneyo imafuna zizindikiro za madzi apansi okhalitsa kuyambira mkati mwa masentimita 40 oyamba, ndipo ife sitinaone kutuwa kapena mawanga a dzimbiri. Lubwe mulibe, choncho si Pulintosolo.

Pofika pa magulu awiri a dothi lofiira, Nitisolo ndi Feralisolo, m'pofunika kuchepetsa liwiro. Nitisolo imafuna gawo lotchedwa nitiki, lokhala ndi dongo losachepera 30 peresenti ndi chitsulo chambiri, ndipo chizindikiro chake cha m'munda ndi chakuti zibuma zimagumuka kukhala tizibuma ting'onoting'ono ta ngodya zakuthwa, tonyezimira mbali zake zambiri. Kunyezimira kumeneku kumasokoneza anthu, chifukwa nafenso taona kunyezimira m'gawo lathu lachitatu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kunali m'timauna ndi m'ming'alu ing'onoing'ono, ngati chinthu chopakidwa chokhala ndi mtundu wakewake, pamene zibuma zenizenizo zinali za ngodya zobulungira ndiponso zosawala. Choncho gawo la nitiki palibe.

Feralisolo ndi nthaka imene yaphwanyika ndi kusukuluka mpaka kutsala dongo lopanda mphamvu, chitsulo, aluminiyamu ndi mchenga wosasungunuka. Gawo lake lozindikiritsa, la feraliki, silingatsimikizidwe ndi maso. Limafuna nambala ya ku labotale, ndipo nambala imeneyi ndi imene nkhani yonse ya dothi lofiira yatsamirapo.

Nambala imene imafuna kugawa

Dongo ndi zomera zoolerana zili ndi mphamvu yogwira michere monga kalisiyamu, maginiziyamu ndi potaziyamu kuti isakokoloke ndi madzi. Kuchuluka kwa mphamvu imeneyi pa lipoti la ku labotale kumalembedwa kuti CEC, ndipo muyeso wake ndi masentimolo pa kilogalamu. Tingaiyerekeze ndi nkhokwe. CEC ikunena kukula kwa nkhokweyo, osati zimene zili mkatimo. Madongo amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Dongo la m'makande ndi nkhokwe yaikulu, pamene kawolinaiti, dongo limene limatsala m'nthaka yakalekale ya kumadera otentha, ndi kankhokwe kakang'ono.

Chimene WRB imafuna kudziwa ndi mtundu wa dongolo, koma labotale imapima dothi lonse, mchenga ndi dongo pamodzi. Mchenga sugwira kanthu, choncho nambala ya pa lipoti iyenera kugawidwa ndi kuchuluka kwa dongo kuti tipeze mphamvu ya dongo palokha. Gawo lathu lachitatu lili ndi CEC ya 7.2 ndipo lachinayi 8.4. Masamu ake ndi awa:

```
7.2 × 100 ÷ 36 = 20
8.4 × 100 ÷ 44 = 19.1
```

Gawo la feraliki limafuna nambala yochepera 16 pa kilogalamu ya dongo, kuphatikiza mfundo zina monga kuchindikala kosachepera masentimita 30 ndi kuchepa kwa timiyala tosavuta kusungunuka m'mchenga wake. Ife tapeza 20 ndi 19, choncho Feralisolo yakanika. Munthu amene waiwala kugawa akanaona 7.2, n'kunena kuti ili pansi pa 16, n'kulemba dzina lolakwika molimba mtima. Ndimaona kuti pa zolakwa zonse za ntchitoyi, ichi ndi chomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa dzenje linakumbidwa bwino, labotale inapima bwino, ndipo zonse zikuonongeka pa masamu a ku pulayimale.

Pali msampha wina pomwepa. CEC imene bukuli likunena ndi yopimidwa ndi mankhwala a amoniyamu asiteti pa pH 7. Malipoti ambiri amene alimi amalandira pofuna malangizo a feteleza amapangidwa ndi njira zina zachangu, monga Mehlich 3, ndipo nthawi zina nambala imene yalembedwa kuti CEC imakhala yongowonkhetsa michere imene yapezeka. M'dothi lofiira nambala yotero imatsika kuposa ija ya pa pH 7, ndipo ingakankhire nthaka m'gulu losayenera. Musanagwiritse ntchito nambala, funsani njira imene anapimira.

Magulu otsatira ndi a nthaka yokhala ndi gawo lapamwamba lakuda ndi lochindikala. Gawo la moliki limafuna kuchindikala kosachepera masentimita 20, kaboni wa zomera zoola wosachepera 0.6 peresenti, michere yokwanira, komanso mtundu umene manambala ake awiri omaliza pa Munsell sakupitirira 3 dothi likanyowa. Lathu ndi 3/4. Laperewera ndi sitepe imodzi yokha pa kabukuko, ndipo n'chifukwa chake mtundu suyenera kuwerengedwa dzuwa litapendeka kapena munthu atavala magalasi akuda. Pansi pa nkhalango imene sinalimidwepo, dothi lomweli likhoza kukhala ndi gawo lakuda lokwanira n'kulowa m'gulu lina. Mundawu walimidwa nthawi yaitali, ndipo kuda kuja kunatha. Magulu a nthaka ya laimu ndi mchere wa jipisamu, ya kumadera ouma, sakutikhudza.

Gawo la dongo losamuka

Tsopano tafika pa magulu anayi apachibale: Akirisolo, Likisisolo, Alisolo ndi Luvisolo. Onsewa amafuna gawo lotchedwa ajiki, loyambira mkati mwa mita imodzi kuchokera pamwamba. Ili ndi gawo lapansi lokhala ndi dongo lochuluka kuposa lapamwamba pake, kapena loonetsa umboni wakuti dongo linasamukiramo.

Njira zolitsimikizira ndi ziwiri, ndipo imodzi ndi yokwanira. Yoyamba ndi ya masamu. Ngati gawo lapamwamba lili ndi dongo la pakati pa 15 ndi 50 peresenti, lapansi liyenera kukhala ndi dongo lochuluka kosachepera ka 1.4 kuyerekeza ndi lapamwambalo. Kwa ife, 36 kugawa ndi 20 ikupereka 1.8, ndipo zakwana bwinobwino. Taonani kuti tagwiritsa ntchito gawo lachiwiri, osati loyamba. Bukuli silivomera kuti gawo logaulidwa ndi khasu kapena pulawo likhale lokhalo loyerekezera pamene lagundana ndi gawo ladongo, chifukwa kulima pakokha kumachotsa dongo pamwamba: mvula imamenya dothi lotakasika, dongo limapita ndi madzi, mchenga n'kutsala. Mwayi wa dzenje lathu ndi wakuti pali masentimita 15 osakhudzidwa ndi khasu amene akuchitira umboni.

Njira ya masamuyi ili ndi chenjezo linanso. Magawo awiriwo ayenera kukhala ochokera ku chinthu chimodzi. M'munsi mwa chitunda, mchenga wokokoloka kumtunda ukhoza kudzakwirira dothi ladongo limene linalipo kale, ndipo manambala angaoneke ngati a gawo la ajiki pamene palibe dongo limene linasamuka. Zizindikiro zake ndi mzere wa timiyala wogona pakati pa magawo awiriwo, kapena kusintha kwadzidzidzi kwa kukula kwa mchenga, pamwamba waukuluukulu, pansi wosalala. M'dzenje lathu mulibe zimenezi.

Njira yachiwiri ndi dongo lomatika m'timauna lija. Phindu lake limaoneka m'minda yokokoloka, imene gawo lamchenga lapamwamba linapita kalekale ndipo mlimi akulima pa gawo ladongo lenilenilo. M'munda wotero mulibenso choyerekezera, ndipo galasi lokuzira lokha ndi limene lingasonyeze kuti gawo la ajiki lilipo. Dzenje lathu lakwaniritsa njira zonse ziwiri, ndipo kuchindikala kwake kukupitirira kutali masentimita 7.5 amene amafunika pa dothi lotere.

Gawo la ajiki likapezeka, patsala mafunso awiri okha olekanitsa abale anayi aja. Loyamba ndi la kukula kwa nkhokwe: kodi penapake m'gawo la ajiki mphamvu ya dongo ili pansi pa 24? Ngati inde, nthakayo ndi Akirisolo kapena Likisisolo. Ngati ayi, ndi Alisolo kapena Luvisolo. Ife tili pa 20 ndi 19, pansi pa 24. Funso lachiwiri ndi la zimene zili m'nkhokwemo, ndipo limafunsidwa pa kuya kwa pakati pa masentimita 50 ndi 100: kodi aluminiyamu akuposa kalisiyamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi sodiyamu zitaphatikizidwa, pa theka kapena kuposerapo la kuya kumeneku? Lipoti lathu likuti pa kuya kumeneko kalisiyamu ndi 2.6, maginiziyamu 1.3, potaziyamu 0.3, sodiyamu wongolawa, zonse pamodzi pafupifupi 4.2, pamene aluminiyamu ndi 0.1 ndipo pH ndi 5.8. Aluminiyamu sakuposa. Akirisolo, imene imafunsidwa poyamba, yakanika, ndipo yotsatira yake ikuvomera. Nthaka yathu ndi Likisisolo.

Dzina la gulu limawonjezeredwa mawu olongosola. Magawo athu apansi ndi ofiira kuposa 5YR, nambala ya kuda kwake ili pansi pa 4 akanyowa, ndipo akauma ikungokwera ndi imodzi. Zimenezi zikukwaniritsa mfundo za liwu losonyeza kufiira kozama, kotero pa fomu ndi pa mapu dzinali lidzalembedwa kuti Rhodic Lixisol.

Tsopano tingathe kuona chimene chimasiyanitsa alimi awiri aja. Kumadera a mvula yambiri monga Mulanje ndi Nkhata Bay, madzi amatsuka michere kuchokera m'dothi kwambiri kuposa m'chigwa cha Lilongwe. Dzenje looneka chimodzimodzi ndi lathuli, magawo ofanana, dongo lofanana, likhoza kubweretsa lipoti lakuti michere inayi ija ndi 1.1, aluminiyamu 1.8, pH 4.6. Imeneyo ndi Akirisolo. Ndi maso simungazisiyanitse, koma mizu ya chimanga imazisiyanitsa, chifukwa aluminiyamu wosungunuka amapha nsonga za mizu. Mizu imakhala yaifupi ndi yonenepa, siitsika kukafuna chinyezi, ndipo mvula ikadula kwa masabata awiri chimanga chimafota pamene pansi pali madzi. Tiyi savutika ndi dothi lotere, ndipo si mwangozi kuti amalimidwa kumeneko.

Pamene lipoti lingakunamizeni

Popeza dzina likudalira kugawa ndi kuchuluka kwa dongo, kulakwitsa popima dongo kumasintha dzinalo. M'dothi lofiira chitsulo chimamanga tinthu ta dongo kukhala timibulu tolimba timene timaoneka ngati mchenga wosalala. Ngati ku labotale sanalimwaze mokwanira dothilo asanapime, timibuluti timakhazikika pansi msanga n'kuwerengedwa ngati mchenga kapena matope, ndipo dongo limatuluka lochepa kuposa mmene liliri. Tiyerekeze kuti gawo lathu lachitatu lalembedwa 28 peresenti m'malo mwa 36, ndipo lachinayi latsitsidwanso mpaka nambala yake nayonso yapitirira 24. Pamenepo 7.2 kugawa ndi 28 peresenti ikupereka pafupifupi 26, pamwamba pa 24, ndipo nthaka ya dongo lofooka ikupatsidwa dzina la Luvisolo, gulu la dongo lamphamvu.

Wodziwa ntchito amagwira cholakwachi poyerekeza lipoti ndi zimene analemba m'dzenje. Dothi lokhala ndi timibulu totere ukayamba kulipekesa limamveka ngati lamchenga, koma ukapitiriza kulikanda ndi madzi kwa mphindi zingapo limanka limata chifukwa timibuluto tikuphwanyika. Ngati zala zinati dongo ndi lambiri koma lipoti likuti n'lochepa, ndipo nambala ya matope osalala yakwera modabwitsa pa dothi lakale lofiira, limene kawirikawiri limakhala ndi matope otero ochepa, dothilo lipimidwenso. Ichi n'chifukwa chake amene anakumba dzenje ndi amene ayenera kutchula dzina, osati munthu wa mu ofesi amene wangolandira manambala.

Nanga nambala ikagwera pamalire penipeni, monga 23 kapena 25? Bukuli lili ndi mzere, ndipo mzerewo uyenera kutsatidwa, koma nthaka ilibe mzere. Kupima dothi limodzi kawiri kukhoza kusiyana ndi nambala imodzi kapena ziwiri. Choyenera ndi kulemba dzina limene manambala apereka, kulembanso nambalayo pambali pake, kuti wowerenga adziwe kuti nthakayi ili pafupi ndi gulu linalo. Chimodzimodzi ngati labotale sinapime aluminiyamu. pH imathandiza kuganizira, chifukwa pamwamba pa 5.5 aluminiyamu wosungunuka amakhala wochepa kwambiri, koma dzina lopezeka mwa njira imeneyo lilembedwe kuti ndi longoyembekezera.

Kwa mlimi ndi mlangizi, dzina lakuti Likisisolo likunena zinthu zingapo zogwirika. Dongo lake siligwira michere yambiri, choncho feteleza wothiridwa nthawi imodzi wochuluka amatha kukokoloka mbewu isanamudye, ndipo kuthira mogawa kuli ndi phindu. M'gawo lapamwamba, limene dongo lake ndi lochepa, mbali yaikulu ya mphamvu yogwira michere imachokera ku zomera zoolerana, kotero mlimi amene amatentha mapesi chaka chilichonse akuchepetsa yekha mphamvuyo, pamene manyowa ndi mapesi okwiriridwa amaibwezera. Pamwamba pamchengapo pamachita kukhakhala mvula yamphamvu ikamenya, madzi n'kumathamanga m'malo molowa, ndipo gawolo likakokoloka chotsala ndi dongo lolimba lovuta kulima. Koma pansi palibe aluminiyamu wotsekereza mizu, ndipo gawo ladongolo limasunga chinyezi. Pa Akirisolo laimu ndi nkhani yoyambirira. Pa Likisisolo laimu amafunika pokhapokha gawo lapamwamba litachita asidi, monga zimachitikira feteleza wa yureya kapena wa amoniyamu akathiridwa zaka zambiri.

Zimene dzinali silinena n'zambirinso. Silinena kuchuluka kwa fosiforasi, salufa kapena zinki m'munda mwanu chaka chino, chifukwa mafunso a WRB anawakonza dala kuti ayang'ane kwambiri pansi, pamene zinthu sizisintha ndi ulimi wa chaka chimodzi. Minda iwiri yoyandikana, wina wothiridwa manyowa kwa zaka makumi awiri, wina wongolimidwa osabwezera kanthu, ikhoza kukhala ndi dzina limodzi koma zokolola zosiyana kutali. Malangizo a feteleza amafuna kupima kwina, kwa dothi lapamwamba lotapidwa m'malo ambiri a mundawo.

Ndipo dzenje limodzi limalankhulira malo amene lakumbidwa. M'chigwa cha Lilongwe munthu akamatsika kuchokera pamtunda kulowera kudambo, dothi lofiira limayamba kusanduka lachikasu, kenako pamapezeka mchenga wotuwa, mwina ndi lubwe pansi pake, ndipo m'dambo mwenimwenimo muli dongo lakuda kapena lotuwa. Mtunda wa mamita mazana ochepa ukhoza kudutsa magulu atatu kapena anayi. Pofuna kudziwa pamene Likisisolo ikuthera, ofufuza amaboola ndi chitsulo chobowolera dothi motsatira kutsetsereka kwa malowo, n'kumayang'ana mtundu, kuya kumene dongo likuyambira ndi pamene mawanga a madzi ayamba kuoneka. Pamene zimenezi zasintha, amakumba dzenje lina n'kuyambanso mafunso kuchokera pa loyamba.